"Ndilembereni kalata": mufunse chiyani choyamba munthu akapanda kunena yopita kwa yani, ya chiyani, yaitali bwanji

Aliyense amene amalembera anthu makalata amalidziwa pempho ili. Kaya ndinu wotaipa pa kashopu ka pa boma, mlembi wa mfumu, mlembi wa mpingo, kapena ndinu mwana yekhayo m'banja amene anafika folomu 4, tsiku lina munthu amakupezani n'kunena kuti, "Ndilembereni kalata." Mawu athera pomwepo. Sananene kuti ikupita kwa yani, sananene chimene akufuna, sananene ngati ikhale mizere isanu kapena masamba awiri. Wina amangotumiza uthengawo pa WhatsApp usiku, n'kuwonjezera kuti akuifuna mawa m'mawa.

Mipata yosadzazidwa ilipo itatu, koma si yolemera mofanana. Cholinga cha kalata ndicho muyenera kuchipeza choyamba, ndipo musagwire kiyibodi musanachipeze. Wolandira amabwera pambuyo pake, chifukwa kawirikawiri cholinga ndicho chimakuuzani ofesi yoyenera, ngakhale mwini kalata atatchula ina. Kutalika musafunse n'komwe. Kumadziwika kokha ziwiri zoyambazo zikadziwika.

Ambiri amayamba ndi wolandira chifukwa ndi amene amalembedwa pamwamba pa pepala. Koma dongosolo la pa pepala ndi lina, dongosolo la mafunso ndi linanso.

Chifukwa chake anthu sanena

Musanakwiye ndi munthu amene akungoti "ingolembani, inu mukudziwa kale," dziwani chimene chamutseka pakamwa, chifukwa mafunsidwe ake amasiyana.

Ambiri anachita kutumidwa. Anapita ku ofesi ina, kalaliki wa pa windo n'kuwauza kuti, "Mubwere ndi kalata," ndipo iwo anachita mantha kufunsa kuti kalata yanji. Munthu wotere sakukubisirani kanthu, sakudziwadi. Kumufunsa kuti "kalata ya chiyani" katatu sikuthandiza. Mufunseni kumene wachokera: anapita ku ofesi iti, anakafunako chiyani, ndipo amene anamubwezayo ananena mawu otani ndendende.

Ena ndi manyazi. Nkhani ya ngongole, ya mwana amene wachotsedwa sukulu, ya kuthamangitsidwa ntchito, munthu sangainene mokweza pamene kumbuyo kwake kwaima ana asukulu odikira fotokope. Mukaona munthu akuyang'ana uku ndi uku, mawu akutsika, muitanireni pambali kapena muyambe mwathana ndi enawo. Nkhani yonse imatuluka yokha pakakhala anthu awiri.

Ndiye pali amene amakhulupirira kuti mu kompyuta mwanu muli kalata ya chilichonse, yongosintha dzina. Awa ndi ovuta chifukwa mbali ina akunena zoona: wotaipa aliyense ali ndi makalata akale osungidwa. Vuto ndi lakuti kalata yakaleyo inalembedwa pa cholinga cha munthu wina.

Funso loyamba: akawerenga, achite chiyani?

Funso lakuti "kalata ya chiyani" limabweretsa mayankho osathandiza: ya kuntchito, ya kusukulu, ya kubanki, ya malo. Amenewo ndi malo, si zolinga. Kalata ya kusukulu ikhoza kukhala yopempha malo, yopempha kuti fizi ilipidwe pang'onopang'ono, yopepesa mwana atalakwa, kapena yodandaula za mphunzitsi. Zinayi zimenezi sizifanana mutu, sizifanana kalankhulidwe, ndipo sizipita zonse kwa munthu mmodzi.

Funso limene limagwira ntchito ndi ili: "Amene awerenge kalatayi, akamaliza kuwerenga, mukufuna achite chiyani?" Yankho labwino limakhala ndi ntchito mkati mwake. Andipatse tchuthi cha masabata awiri. Andibwezere ndalama zanga mwezi usanathe. Amulandire mwanayu mu sitandade 6. Mukapeza yankho lotere, yesani kulilemba ngati mutu wa kalata mu mzere umodzi. Mutu ukakana kukwana mu mzere umodzi, ndiye kuti cholinga simunachipeze, kapena munthuyo ali ndi zolinga ziwiri zofunika makalata awiri.

Pafunso lomweli pamatulukanso chinthu china chimene anthu saganiza kuti ndi mpata: kodi kalatayi asaine ndani? Nthawi zambiri mumapeza kuti kalata imene ofesi ikufuna si yoti mwini wakeyo alembe. Akuti "kalata ya mfumu," ndiye kuti mawu ake ndi a mfumu, siginecha ndi ya mfumu, ndipo chimene ofesi ikuyang'ana ndi chidindo cha mfumu. Kalata yosamukira mpingo wina imatuluka ku mpingo umene munthu akuchoka. Kalata yosamutsira mwana sukulu imafuna chidindo cha mphunzitsi wamkulu. Inu mukataipa kalata yokongola m'dzina la kholo, kholo lilipira, liyenda ulendo wake, n'kukabwezedwa. Zikatero ntchito yanu ndi kumuuza munthuyo kuti apite kwa mwini chidindo, ndipo ngati mfumu kapena mlembi wake afuna kuti iwataipire, abwere ndi mawu awo pa pepala. Mwataya ndalama ya tsamba limodzi, koma munthuyo adzabweranso.

Nkhani ya mlonda ndi "kalata ya kuntchito"

Tiyeni titsate nkhani imodzi mpaka kumapeto, ya mtundu umene umafika pa mashopu otaipa kawirikawiri, chifukwa apa ndi pamene kulosera cholinga kumamudyera munthu ndalama zenizeni.

Tiyerekeze kuti kwabwera bambo wachikulire, mlonda pa kampani ina ya zachitetezo, atanyamula kapepala kopindapinda m'thumba la malaya.

"Achemwali, nditaipireni kalata ya kuntchito."

"Chabwino, bambo. Kuntchitoko akawerenga achite chiyani?"

"Andipatse ndalama zanga."

"Ndalama za mwezi, kapena ziti?"

"Zonse. Akapitawo akuti ntchito yatha, ndiye ndibweretse kalata kuti andikonzere ndalama."

Wotaipa wofulumira pamenepa amatsegula kalata yakale yosiya ntchito, n'kusintha dzina ndi tsiku. Zikuoneka ngati zikugwirizana: munthu akuchoka pantchito, bwana akufuna kalata. Koma mvetserani bwino mawu a bamboyu. Sananene kuti akufuna kusiya ntchito. Wanena kuti akapitawo akuti ntchito yatha. Kusiyana kwa ziwirizi ndi kwakukulu pa lamulo la za ntchito la dziko la Malawi, la m'chaka cha 2000, monga linasinthidwira mu 2010.

Munthu amene wachotsedwa chifukwa ntchito yachepa, kampani yakumana ndi mavuto a zachuma, kapena wachotsedwa mopanda chilungamo, amayenera kulandira sevalansi, ndalama zimene kampani imamulipira potengera zaka zimene wagwira ntchito. Mawerengedwe ake ndi malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chathunthu m'zaka zisanu zoyamba, masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata anayi pa chaka chilichonse kupyola pamenepo. Munthu amene wasiya yekha ntchito mwa kufuna kwake salandira ndalama imeneyi. Ndiye funso lotsatira ndi la zaka.

"Munayamba liti ntchito, bambo?"

Akutulutsa kapepala kaja, ndi pepala la malipiro lakale, inki yatha mbali ina. Tinene kuti anayamba mu Malichi 2018, ndipo anauzidwa kuti asabwerenso pa 3 Juni 2025. Zaka zathunthu ndi zisanu ndi ziwiri. Zisanu zoyamba zikupereka masabata 10, ziwiri zotsalazo masabata 6, onse pamodzi masabata 16, pafupifupi malipiro a miyezi inayi. Pamwamba pa zimenezo, munthu wolipidwa pamwezi amayenera kupatsidwa notisi ya mwezi umodzi kapena malipiro a mwezi m'malo mwake. Akasaina kalata yakuti "ndasiya ntchito," wapatsa kampani umboni wolembedwa, wokhala ndi siginecha yake, wakuti palibe amene anamuchotsa. Kuti adzatsutse pepala limenelo kutsogolo ndi ntchito yaikulu. Choipanso n'chakuti wosiya ntchito ndiye amayenera kupereka notisi, ndiye m'malo molandira mwezi umodzi akhoza kuuzidwa kuti iyeyo ndi amene ali ndi ngongole.

Sindikunena kuti kapitawo aliyense wonena kuti "bweretsani kalata" ali ndi chinyengo. Ena amangobwereza zimene anauzidwa. Koma wotaipa safunika kudziwa za mumtima mwa kapitawo. Chimene ayenera kudziwa ndi chimodzi, ndipo afunse mosapita m'mbali:

"Bambo, inuyo mukufuna kusiya ntchito, kapena akuuzani kuti musiye?"

"Ine kusiya? Ndidya chiyani? Akuti malo amene ndimalondera aja eni ake athetsa mgwirizano."

Cholinga chaoneka tsopano, ndipo ndi chosiyana kotheratu ndi chimene chikanalembedwa. Bamboyu akufuna zinthu izi: kampani inene pa pepala ngati yamuchotsa ndi chifukwa chake, ndipo ngati yamuchotsa imulipire zimene lamulo likunena. Lamulo lomwelo limati malipiro otsala a munthu amene ntchito yatha aperekedwe pasanathe masiku 7, ndiponso munthu akapempha apatsidwe setifiketi yosonyeza kumene amagwira, ntchito imene amagwira, ndi nthawi imene wagwira. Setifiketi imeneyi amaifuna pokafunsira ntchito kwina, ndiye ilowe m'kalata momwemo.

Mafunso otsala ndi ochepa, ndipo onse ndi ofuna zinthu zimene inu simungazidziwe: dzina lake monga lalembedwera pa chiphaso cha unzika ndi pa pepala la malipiro, nambala yake ya kuntchito ngati ali nayo, tsiku limene anauzidwa, amene anamuuza, ndiponso ngati anamuuza pakamwa kapena pa pepala. Mufunsenso ngati panali mlandu uliwonse. Ili ndi funso lochititsa manyazi, koma lofunika. Ngati anagwidwa akugona pantchito, kapena katundu anasowa ndipo anaitanidwa kukayankha, nkhani yasintha: munthu wochotsedwa mwachilungamo chifukwa cha khalidwe salandira sevalansi, ndipo kalata imene ikufunika mwina ndi yoyankha mlandu kapena yodandaula kuti sanapatsidwe mwayi wodziteteza. Kulemba kalata yofuna sevalansi pamene pali mlandu umene sanakuuzeni ndi kumutumiza munthu kukachita manyazi.

Wolandira: amene ali ndi mphamvu yochita chimene mwapempha

Mukamufunsa mlonda uja kuti kalata ipite kwa yani, anena kuti kwa akapitawo, chifukwa ndi amene amawadziwa ndiponso ndi amene anaitanitsa kalata. Koma kapitawo salipira munthu, sachotsanso munthu pa pepala. Kalata yopita kwa iye ikhoza kuthera m'thumba la yunifolomu. Iyenera kupita kwa mkulu woona za antchito kapena kwa manijala wa kampani. N'chifukwa chake wolandira amafunsidwa kachiwiri: mukadziwa chimene chikupemphedwa, mumatha kuona ngati munthu wotchulidwayo angathe kuchipereka.

Lembani udindo, osati dzina lokha. Anthu amasamutsidwa, amapita ku tchuthi, amachoka, ndipo kalata ya dzina la munthu imadikira mwini wake m'dilowa. Ya udindo amatsegula aliyense amene wakhala pampandopo. Ngati mwini kalata sakudziwa udindo weniweni, aimbe foni kapena akafunse pa geti. Mphindi zisanu zimenezo n'zabwino kusiyana ndi kulemba kalata yopita "kwa aliyense amene zikumukhudza." Mawu amenewo ali ndi malo ake, monga pa kalata yochitira munthu umboni imene adzaionetsa m'maofesi osiyanasiyana. Pa kalata yopempha kanthu, aliyense woiwerenga amaona kuti sikumukhudza iyeyo.

Pali makalata ena amene wolandira si mmodzi, chifukwa ali ndi njira yake yodutsa. Mphunzitsi wa pulaimale amene akupempha kusamutsidwa salembera ku ofesi ya maphunziro ya boma lake mwachindunji. Kalata imadzera kwa mphunzitsi wamkulu, kenako kwa mlangizi wa maphunziro wa zoni, aliyense n'kusaina ndi kudinda, ndipo pa pepala pamafunika kusiya malo a zimenezo pansi pa keyala. Kumudzi n'chimodzimodzi. Mkangano wa malire a munda umayambira kwa nyakwawa, ukakanika upite kwa gulupu, kenako kwa mfumu yaikulu. Amene wakwiya amafuna kulembera mfumu yaikulu tsiku lomwelo, koma akafika kumeneko funso loyamba limakhala lakuti anyakwawa anaweruza zotani. Choncho munthu akatchula wolandira wapamwamba, mufunseni ngati apansi anawaona kale, ndipo anati chiyani. Yankho lake limalowa m'kalata, kapena limasintha keyala.

Wolandira akadziwika, chilankhulo chadziwika. Maofesi a boma, mabanki ndi makampani amayembekezera Chingerezi. Kwa mfumu, kumpingo, kwa ankhoswe, kwa mwini nyumba wa m'dera, Chichewa chimagwira bwino ndipo chimapereka ulemu woyenera. Mukalemba m'Chingerezi kalata ya munthu amene sachimva bwino, mumuwerengere m'Chichewa chiganizo ndi chiganizo asanasaine, osati kungomuuza mwachidule. Mlonda uja akanawerengeredwa kuti "ine ndasiya ntchito mwa kufuna kwanga," akanaimitsa pomwepo.

Kalata yake, mawu ake asanatembenuzidwe m'Chingerezi, ikhoza kukhala motere pansi pa keyala ndi moni:

Mutu: Pempho loti mundidziwitse pa kalata za ntchito yanga.

Ndakhala ndikugwira ntchito ya ulonda pa kampani yanu kuyambira mu Malichi 2018. Pa 3 Juni 2025 akapitawo anandiuza pakamwa kuti ndisabwerenso chifukwa mgwirizano wa malo amene ndimalondera watha. Ine sindinasiye ntchito, ndipo ndine wokonzeka kugwira kulikonse kumene munganditumize. Ndikupempha kuti mundidziwitse pa kalata ngati ntchito yanga yatha ndi chifukwa chake. Ngati yatha, ndikupempha malipiro anga otsala, malipiro a notisi, a masiku a tchuthi amene sindinapume, sevalansi, ndi setifiketi yosonyeza nthawi imene ndagwira ntchito. Ndidzathokoza kulandira yankho pasanathe masiku 7.

Chiganizo chakuti "sindinasiye ntchito, ndine wokonzeka kugwira" ndicho chofunika kuposa zonse m'kalatayi. Munthu amene wangouzidwa pakamwa n'kukhala kunyumba mwakachetechete akhoza kudzalembedwa kuti anathawa ntchito. Chiganizochi chimatseka njira imeneyo.

Mupulinte makope awiri. Lina asiye ku ofesi, lina amudindire kapena amusainire ndi tsiku kuti alandira, alisunge. Ndipo mumuuze za nthawi, chifukwa pano pali malire: dandaulo la kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo limayenera kufika kwa mkulu wa ofesi ya leba ya m'boma lake pasanathe miyezi itatu kuchokera tsiku limene anachotsedwa. Kwa iyeyu ndi kumayambiriro kwa Seputembala. Kampani ikakhala chete, asadikire mpaka miyezi ithe akungouzidwa kuti abwere sabata ya mawa. Kalata yachiwiri ipite ku leba, ndi kope lodindidwa lija kumbuyo kwake. Inu si loya, ndipo musadziyese loya. Za mawerengedwe enieni ndi zimene achite kenako akamva ku leba komweko. Mbali yanu ndi kuonetsetsa kuti pepala limene mwalemba silikumutsekera khomo.

Kutalika

Onani kalata ili pamwambayi. Pamodzi ndi makeyala awiri, tsiku ndi malo osainira, sikudzaza tsamba limodzi la A4. Palibe amene anafunsa kuti ikhale yaitali bwanji. Cholinga chinali chimodzi, mfundo zinali zisanu, ndiye yathera pamene zathera.

Mukafunsa mwini kalata za kutalika, yankho limakhala "yaitali ndithu, amve bwinobwino." Anthu ambiri amaona ngati kalata yaifupi ndi yachipongwe, ndiye amafuna kuti mulowe mbiri yonse: mvula imene anavumbwa nayo pa geti, tsiku limene anathamangitsa akuba, mwana amene ali ku sekondale. Zonsezo n'zoona ndipo n'zowawa, koma kalaliki amene ali ndi mulu wa mapepala amawerenga mutu ndi ndime yoyamba. Pempho likabisala pa tsamba lachiwiri, silioneka. Tinenenso chilungamo: mashopu amalipiritsa pa tsamba, ndiye wotaipa sakhala ndi chifukwa chokanira munthu wofuna masamba atatu. Kanani ndithu. Mbiriyo akainene pakamwa akaitanidwa.

Kalata yopempha, yopepesa, yodziwitsa kapena yofunsira ntchito ikwane tsamba limodzi. Imene imaloledwa kupitirira ndi yoyankha mlandu kapena yofotokoza mkangano umene unayamba kale, chifukwa imafuna masiku ndi zochitika motsatana. Ngakhale imeneyo, pempho likhale pamwamba. Nthawi yokha imene kutalika kumafunsidwa ndi pamene wolandira anaika malire ake, monga chilengezo cha ntchito kapena cha thandizo la maphunziro chikanena chiwerengero cha mawu kapena cha masamba. Pamenepo musafunse maganizo a mwini kalata, mupempheni chilengezocho muwerenge nokha.

Mwini kalata akakhala kuti palibe

Vuto limakula pamene pempho labwera kudzera mwa mwana wotumidwa, kapena pa foni imene tsopano sikupezeka, ndipo kalata ikufunika mawa. Apa muyenera kusiyanitsa zimene mungasankhe nokha ndi zimene simungalosere.

Kutalika, moni, kaikidwe ka keyala, mawu otsekera, ngakhale chilankhulo ngati wolandira akudziwika, zonsezi sankhani nokha, palibe chimene chionongeke. Cholinga, wolandira, wosaina, masiku, ndalama ndi kalembedwe ka maina, izi ayi. Dzina lolembedwa mosiyana ndi la pa chiphaso, ngakhale chilembo chimodzi, likhoza kubwezetsa munthu ku banki.

Ngati cholinga chikudziwika koma zina zikusowa, lembani kalatayo n'kusiya mipata yooneka bwino, mizere yaitali imene munthu sangaiphonye. Osaikamo tsiku longoyerekeza poganiza kuti adzakonza, chifukwa anthu amasaina osawerenga. Ngati cholinga sichikudziwika, musalembe kalikonse. Bwezani uthenga waufupi, mafunso asapitirire atatu, chifukwa munthu wa pa foni mukamutumizira mafunso khumi amayankha lomaliza lokha. Mwachitsanzo: "Malume, kuti ndilembe ndiuzeni izi. Amene awerenge mukufuna achite chiyani? Ndi ndani, wa ofesi iti? Ikufunika ifike liti?" Ngati amalume savutika kulankhula koma kulemba, apempheni atumize mawu ojambula. Mu mphindi ziwiri zolankhula mumapezeka zonse zimene sakanazilemba, kuphatikizapo zimene simunafunse.

Mwana wotumidwa musamufunse zambiri, sadziwa, ndipo amayankha zongoganiza kuti asaoneke wopusa. Mulembereni mafunso atatuwo pa kapepala abwerere nako.

Kalata ikabwezedwa kapena ikapanda kuyankhidwa

Munthu akabwerera ndi kalata imene munalemba, mawu amene anauzidwa ku ofesi amasonyeza mpata umene unatsala. Akati "si kuno," wolandira ndiye analakwika, ndipo kawirikawiri thupi la kalata lili bwino, mungosintha keyala. Akati "palibe chidindo" kapena "imeneyi mwalemba nokha," vuto ndi wosaina, ndipo kutaipanso sikuthandiza. Akati "ndiye mukufuna chiyani kwenikweni," cholinga sichinaoneke: werengani ndime yoyamba, mupeza kuti yadzaza malonje ndi madandaulo, pempho lili pansi kapena mulibe. Akati "mubwere ndi mapepala," ndiye kuti kalata inatchula zinthu zopanda umboni wake, monga lisiti, kope la chiphaso kapena kalata ina yam'mbuyomu.

Chovuta kuchizindikira ndi kalata imene yalandiridwa bwino, koma yachita china chosiyana ndi chimene mwini wake amafuna. Wofuna ngongole yake kwa mlamu wake amalandira ndalama n'kutaya chibale, chifukwa wolemba anatenga kalata yakale yoopseza za kukhoti, pamene mwini wake amangofuna kukumbutsa mwaulemu. N'chifukwa chake pa makalata a pakati pa anthu odziwana, funso la cholinga limakhala ndi mchira wake: "Kodi munthuyu mukufuna muzidzaonanabe?" Akati inde, tsiku lobwezera lilembedwe, ndalama ilembedwe m'manambala, koma mawu a khoti ndi apolisi asalowemo. Akati zinafika kale poipa ndipo iyi ndi kalata yomaliza asanakasume, ilembedwe mouma, ndi tsiku limene ngongole inatengedwa, mboni ngati zinalipo, ndi malire a masiku, ndipo kope lisungidwe.

Pamene palibe yankho lililonse, musathamangire kulemba ina yaitali ndi yaukali. Yambani mwafunsa kuti kalata anaisiya m'manja mwa ndani, ndipo ali ndi kope lodindidwa kapena ayi. Ngati anaisiya pa geti popanda womusainira, mwina sinafike n'komwe. Pulintani yomweyo, musinthe tsiku, muonjezere mzere umodzi wotchula tsiku la yoyamba ija, ndipo ulendo uno akaipereke ku ofesi kwenikweni, adikire chidindo pa kope lake asanatuluke.